Kalata ya Mfumu Afonso ya 1526: Kuifupikitsa Popanda Kuipotoza

Pa 6 Julayi 1526, mumzinda wa Mbanza Kongo, womwe lero uli kumpoto kwa dziko la Angola, mlembi wina dzina lake João Teixeira adalemba kalata m'malo mwa mfumu yake. Mfumuyo inali Mvemba a Nzinga, yemwe dzina lake laubatizo linali Afonso, ndipo kalatayo inkapita kwa João Wachitatu, mfumu ya Portugal. Idalembedwa m'Chipwitikizi cha nthawi imeneyo, idayenda pachombo mpaka ku Lisbon, ndipo mpaka lero imasungidwa kumeneko m'nyumba ya zikalata zakale yotchedwa Torre do Tombo. Mabuku ambiri a mbiri ya Afrika amaika chigawo chake pamutu wa malonda a akapolo. Wophunzira akachipeza amawerenga mizere ingapo, naona ziganizo zosatha ndi maulemu osanjikizana, kenaka n'kupita kwa mphunzitsi kapena mkulu wake ndi pempho lakuti, "Tandiuzeni mwachidule, kodi mfumuyi ikuti chiyani?"

Yankho lofulumira limene ambiri amapereka ndi lakuti Afonso adalembera mfumu ya Portugal kuti malonda a akapolo athe. Yankholi si bodza. Koma wophunzira amene wangotenga limeneli adzakakamira akadzafunsidwa chifukwa chake mfumu yomweyo, patangotha miyezi itatu, idakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka akapolo. Chidule chabwino chiyenera kumufikitsa poti atha kuyankha funso limenelo.

Musanafupikitse chilichonse, dziwani kuti pepala lomwe lili m'manja mwanu ladutsa m'manja angati. Afonso adayankhula, mlembi adalemba. Patapita zaka mazana atatu ndi theka, mu 1877, makalata a mafumu a Kongo adasindikizidwa ku Lisbon m'buku la Paiva Manso, ndipo kuyambira mu 1952 wansembe António Brásio adawasindikizanso mumndandanda wake waukulu wa zikalata za mishoni za mu Afrika. Ambiri amene amawerenga kalatayi m'Chingerezi amaiona kudzera m'buku la Basil Davidson la mu 1964, kapena m'mabuku a sukulu amene adatapa m'menemo. Pa sitepe iliyonse wina adasankha. Wokopera adamasula mawu ofupikitsidwa a mlembi naika mipumiro pomwe panalibe, womasulira adasankha tanthauzo limodzi pa matanthauzo awiri, ndipo wolemba buku la sukulu adadula zomwe zidamutalikira. Timadontho titatu tomwe mumaona pakati pa chiganizo ndi chizindikiro chakuti pamenepo pachotsedwa mawu. Choncho mzere woyamba wa chidule chanu unene poyera kuti mwafupikitsa chigawo cha kalata, ndiponso kuti mwachiwerenga chomasuliridwa kale. Wophunzira mbiri ayenera kuzolowera kufunsa zimenezi pa chikalata chilichonse.

Kenaka pamabwera maulemu. Afonso satchula mnzakeyo kuti "inu" wamba, amamutchula ndi dzina laulemu la ufumu, ndipo potsiriza amamupempherera kuti Mulungu amusunge, nanena kuti akupsompsona manja ake kambirimbiri. Wowerenga wa lero akaona kupsompsona manjako amaganiza kuti mfumu ya Kongo inali pansi pa mfumu ya Portugal, ndipo ndaonapo zidule zonena kuti Afonso "adagwada n'kupempha". Kumeneko n'kulakwitsa mbiri. Mu 1526 Kongo linali dziko loima palokha, lokhala ndi asilikali ake, zigawo zake ndi ndalama yake ya tizigoba ta m'nyanja totchedwa nzimbu. Mafumu a maiko awiriwa ankatchulana kuti abale m'makalata awo. Kupsompsona manja kunali katsekedwe ka kalata ka masiku amenewo, kamene aliyense wolembera mfumu ankalemba.

Aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu kumudzi akudziwa kayankhulidwe kotere. Mkulu akaimirira amayamba waombera m'manja, natchula mfumu ndi nduna zake, nazungulira ndithu, ndipo mawu olasa amadzawaponya kumapeto ndi liwu lomwe lija lofatsa. Mlendo amamva ulemu wokhawokha, koma eni mudzi amamva kuti munthu wadzudzulidwa. Kalata ya Afonso ndi yotero. Mkati mwa ulemu wonsewo akuuza João kuti anthu ake apatsa amalonda ufulu wopitirira muyeso, kuti zimenezi sayenera kuzivomereza, ndiponso kuti asaziyese ntchito yomutumikira. Pofupikitsa, maulemu achotseni, koma musachotse mfundo yakuti mfumu ikuyankhula ndi mfumu inzake. Chiganizo chimodzi chikwanira.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe timasokoneza. Afonso akamati "ife" akunena iye mwini, monga ankachitira mafumu polemba, osati mtundu wonse wa Akongo. Mawu akuti "ufumu" amabwera kangapo, ndipo pena akunena Kongo, pena Portugal. Pamene kalata ikukamba za anthu osirira katundu wa ufumu, katunduyo ndi wochokera ku Portugal. Mukasokoneza pamenepa chiganizo chonse chimatembenuka, n'kukhala ngati Apwitikizi ndiwo akusirira katundu wa ku Kongo. Njira yake ndi yosavuta. Tengani pensulo, ndipo paliponse pomwe pali "ife", "iwo", "ufumu" kapena "dziko", lembani pamwamba pake dzina lenileni la munthu kapena malo.

Ntchito yeniyeni ili paziganizo zitalizitali. Alembi a nthawi imeneyo ankalumikiza mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi ndi mawu ngati "popeza", "kotero kuti" ndi "chifukwa", osapumira. Pochita nazo, funani mneni aliyense, ndipo pa mneni aliyense funsani kuti akuchita ndani, akuchitira yani. Mukatero chigawo choyamba cha kalatayi chimamasuka motere. Akuluakulu oyang'anira malonda a mfumu ya Portugal amalola amalonda kubwera ku Kongo. Amalondawo amatsegula masitolo n'kugulitsa katundu, wina mwa iye woletsedwa ndi Afonso. Katunduyo wafalikira m'dziko monse. Mafumu aang'ono omwe kale ankamvera Afonso tsopano ali ndi katundu wambiri kuposa iye, ndiye asiya kumumvera.

Apa imani kaye, chifukwa ndi pamene zidule zambiri zimadumpha. Dandaulo loyamba m'chigawo chimenechi si la akapolo ayi. Ndi la katundu ndi ulamuliro. Afonso akunena yekha kuti ndi zinthu zimenezi ankakondweretsa nazo mafumu a pansi pake kuti akhalebe omumvera. Mphamvu ya mfumu ya Kongo inkadalira, mwa zina, kukhala khomo lolowera zinthu zosowa. Nsalu ndi zitsulo za kunja zikafika kaye kwa mfumu, iyo n'kugawira olamulira zigawo, aliyense wa iwo anali ndi chifukwa choperekera msonkho ndi kubwera akaitanidwa. Wamalonda akangopita yekha kuchigawo n'kukagulitsa mwachindunji, chingwe chimenecho chaduka. Wofupikitsa amene maso ake akufunafuna mawu akuti "kapolo" amaona ndimeyi ngati malonje chabe, chonsecho ndiyo ikufotokoza chifukwa chake nkhaniyi idamuwawa Afonso monga wolamulira.

Chigawo chachiwiri ndicho chotchuka. Chikunena kuti tsiku ndi tsiku amalonda akutenga anthu a m'dzikomo, ndipo chikuwatchula m'magulu: mbadwa za dziko, ana a nduna ndi a mafumu aang'ono, ngakhalenso abale a mfumu. Bwerezani funso lija: akugwira anthuwo ndani? Mukawerenga mofulumira muyankha kuti Apwitikizi. Mukatsata mneni mupeza kuti pali magulu awiri. Ogwira ndi anthu amene kalata ikuwatcha mbala ndi anthu a chikumbumtima choipa, omwe akusirira katundu wa ku Portugal, ndipo akagwira anthuwo amawagulitsa kwa amalonda. Kalata ina ya Afonso, ya mu Okutobala chaka chomwecho, ikumasula poyera kuti ambiri mwa ogwirawo ndi anthu a Afonso yemwe. Chidule chonena kuti "Apwitikizi ankaba anthu" chafufuta gulu limodzi, ndipo chonena kuti "Akongo ankagulitsana okha" chafufuta gulu linalo. Afonso adatchula onse awiri, ndipo mlandu waukulu adauika pa katundu ndi amalonda omwe adadzutsa dyeralo. Chidule chisunge onse awiri m'malo awo.

Onaninso amene akugwidwa. Mndandanda wa mbadwa, ana a nduna ndi abale a mfumu si kukometsera chiganizo. Ku Kongo kunali kusiyana pakati pa mfulu ya m'dzikomo ndi munthu wogwidwa pankhondo kunja kwa malire. Wachiwiriyu ankatha kusungidwa kapena kugulitsidwa ngati kapolo, ndipo Afonso mwini adatumizapo akapolo ku Portugal m'zaka za m'mbuyomo, mu ulamuliro wa Manuel Woyamba, mfumu ya Portugal ya nthawiyo. Mfulu ya m'dzikomo sinkayenera kugulitsidwa. Chimene Afonso akulirira ndi chakuti malire amenewa agumuka, moti ngakhale mwana wa nduna sali wotetezeka. Mukafupikitsa magulu onsewo n'kungoti "anthu", mwataya mfundo imene wolemba adaivutikira kuitchula katatu. Mawu oyenera m'chidule ndi "mfulu za ku Kongo, kuphatikizapo ana a nduna ndi abale a mfumu".

Kenaka kalata ikuti dziko likutha anthu. Apa pali msampha wina, wa mtundu wosiyana. Wofupikitsa akhoza kulemba kuti "dziko la Kongo lidatha anthu", ngati kuti ndi mfundo yotsimikizika. Koma ameneyu ndi munthu amene akufuna kuti mnzake achitepo kanthu, ndipo akusankha mawu olemera. Kuti anthu ambiri ankatengedwa n'zoona. Minda ya nzimbe ya pachilumba cha São Tomé inkafuna antchito, ndipo zombo zinkanyamula anthu kudoko la Mpinda pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Kongo. Koma ufumu wa Kongo sudathe anthu mu 1526, udakhalapobe wamphamvu kwa zaka zoposa zana pambuyo pake. Mankhwala ake ndi mawu ang'onoang'ono oti "Afonso akuti". Chidule chanu chikhale ndi aneni osonyeza zimene wolemba akuchita: akudandaula, akuimba mlandu, akupempha, akulamula. Aneni amenewa amathandiza wophunzira kusiyanitsa zomwe zidachitika ndi zomwe wina adanena kuti zidachitika, ndipo pa kusiyanitsa kumeneku ndi pamene pagona phunziro la mbiri.

Pempho lenileni lili kumapeto, monga mwa chizolowezi cha makalata otere. Afonso akuti kuchokera ku Portugal sakufuna china koma ansembe, anthu ochepa ophunzitsa m'sukulu, ndi vinyo ndi ufa za pa Misa. Akupempha João kuti alamule anthu ake asatumizenso amalonda kapena katundu. Ndipo akunena kuti kufuna kwake n'kwakuti m'maufumu ake musakhale malonda a akapolo kapena njira yowatulutsira. Vinyo ndi ufa musazitaye poziyesa zazing'ono, komanso musazimasulire ngati chakudya. Bambo wake wa Afonso adabatizidwa mu 1491, Afonso adamanga ufumu wake pa Chikhristu, ndipo mwana wake Henrique adafika pokhala bishopu. Mpesa ndi tirigu sizinkalimidwa ku Kongo, choncho popanda zombo za ku Portugal Misa sikadachitika. Tizinthu tiwiriti tikuonetsa malire a pempho lake: akufuna kutseka malonda, sakufuna kudula ubale.

Chiganizo chotsirizacho, chokana malonda a akapolo, chilipo ndithu ndipo n'chomveka. Ena, atamva kuti Afonso anali ndi akapolo, amachichepetsa kapena kuchisiya, poganiza kuti sadanene kuchokera pansi pa mtima. Wofupikitsa alibe ufulu umenewo. Zomwe munthu adalemba zilembedwe, ngakhale zikuoneka zosagwirizana ndi zomwe adachita kale kapena pambuyo pake. Kuzigwirizanitsa ndi ntchito ya wophunzira m'nkhani yake, ndipo sangaigwire ngati inu mwabisa mbali imodzi.

Tsopano tiike zonse pamodzi. Chidule chimene chimapezeka kawirikawiri chimamveka motere:

"Mu 1526 mfumu Afonso ya ku Kongo idalembera mfumu ya Portugal kuipempha kuti ithetse ukapolo chifukwa Apwitikizi ankaba anthu ndipo dziko lidatha anthu."

M'chiganizo chimodzichi muli zolakwika zinayi. "Ukapolo" waikidwa pamalo pa malonda otulutsa akapolo, zomwe si chinthu chimodzi. Ogwira anthu asanduka Apwitikizi okha. Mawu a Afonso asanduka mfundo yotsimikizika. Ndipo dandaulo la katundu ndi mafumu osamvera lasowa. Chidule cholungama chingakhale chotere:

"Ichi ndi chigawo cha kalata yomwe Afonso, mfumu ya Kongo, adalembera João Wachitatu wa ku Portugal pa 6 Julayi 1526, ndipo ndachiwerenga chomasuliridwa kuchokera ku Chipwitikizi. Akulemba mwaulemu monga mfumu kwa mfumu inzake. Akudandaula kuti akuluakulu a João alekerera amalonda kudzaza dziko ndi katundu, moti mafumu aang'ono sakumumveranso chifukwa sakudaliranso mphatso zake. Akuti anthu osirira katunduyo akugwira mfulu za ku Kongo, kuphatikizapo ana a nduna ndi abale ake, n'kuzigulitsa kwa amalonda, ndipo akuti dziko likutha anthu. Akupempha kuti Portugal isatumizenso amalonda kapena katundu, koma ansembe, aphunzitsi, ndi vinyo ndi ufa za pa Misa zokha. Akunena kuti safuna malonda a akapolo m'dziko lake."

Chidule chimenechi n'chotalika kuposa choyamba chija, koma wophunzira angachiwerenge m'mphindi imodzi. Kuti mudziwe ngati chili bwino, chiyeseni mbali ziwiri. Tengani chiganizo chilichonse cha chidule, muloze ndi chala pomwe chachokera m'kalata. Chimene simungachiloze mwachiwonjezera nokha, chichotseni. Kenaka bwererani ku kalata, ndipo pa dandaulo ndi pempho lililonse muone ngati lili m'chidule. Onaninso kuti mndandanda wa mfundo ndi wa Afonso: katundu poyamba, anthu ogwidwa pambuyo, pempho pamapeto. Ndikadaika akapolo poyamba chifukwa ndiyo nkhani yomwe ikutikhudza kwambiri ife lero, ndikadasintha kaganizidwe ka wolemba, pakuti kwa iye katundu ndiye gwero ndipo kugwidwa kwa anthu ndi zotsatira zake.

Mwina mwaona kuti m'chidulemo mulibe São Tomé, mulibe Mpinda, mulibe nkhani ya akapolo omwe Afonso adatumiza kale ku Portugal. Zimenezi n'zoona ndipo wophunzira azidziwe, koma sizichokera m'ndime imene tafupikitsayi. Zilembeni pansi, pa ndime yakeyake, yoyamba ndi mawu ngati "Zina zothandiza kumvetsa kalatayi". Wophunzira akasakaniza ziwirizi adzalemba pamayeso kuti Afonso adanena zinthu zomwe sadanene.

Pa ndime ya zowonjezerayo, choyamba kuikapo ndi kalata ya mu Okutobala 1526. M'menemo Afonso akufotokoza kuti anthu ogwidwawo amatengedwa mobisa, ena usiku, ndipo akangofika m'manja mwa azungu amamangidwa ndi kudindidwa chizindikiro ndi chitsulo chamoto. Alonda ake akawazindikira pokwezedwa m'chombo, ogulawo amati adawagula koma sangatchule wowagulitsa. Ndiye akulengeza lamulo lakuti mzungu aliyense wofuna kugula ayambe wadziwitsa akuluakulu atatu a kubwalo lake, omwe adzafufuze ngati munthuyo ndi wogwidwa movomerezeka kapena mfulu. Akapezeka kuti si mfulu, kugula kupitirire, koma wolambalala lamuloli alandidwe zomwe wagula. M'kalatayi muli mawu amodzi oyenera kusamala nawo. Pokamba za zogulidwazo, Chipwitikizi cha amalonda a nthawiyo chinkagwiritsa ntchito mawu otanthauza "chidutswa", omwe ankawerengera nawonso nsalu, ndipo omasulira ena adangolemba kuti "katundu". Wophunzira akhoza kudutsapo osazindikira kuti katundu akunenedwayo ndi anthu. M'chidule lembani "anthu ogulidwa ngati akapolo", ndipo muuzeni wophunzirayo mawu amene kalata idagwiritsa ntchito, chifukwa nawonso ndi umboni wa mmene malondawo ankaonera munthu.

Akaika makalata awiriwa pamodzi, wophunzira aona yekha kuti mu Julayi Afonso adafuna kutseka malonda onse, ndipo mu Okutobala adasankha kuwayang'anira pofuna kuteteza mfulu za dziko lake. Akatswiri a mbiri ya Kongo monga John Thornton ndi Linda Heywood amatsindika kusiyana kumeneku kwa mfulu ndi wogwidwa kunja pofotokoza zochita za Afonso. Wophunzira amene adalandira chidule cholungama cha kalata ya mu Julayi sadabwa ndi ya mu Okutobala, chifukwa adaona kale kuti nkhawa ya mfumuyi inali pa ulamuliro wake ndi pa mfulu zake.

Chachiwiri choika pa ndimeyo ndi yankho. João Wachitatu adayankha mu 1529, ndipo sadavomere kuti Kongo ikutha anthu. Adati anthu ake amamuuza kuti dzikolo ndi lalikulu ndiponso lodzaza anthu, ndipo adakumbutsa Afonso kuti zinthu zomwe akufuna kuchokera ku Portugal zimabwera chifukwa cha malonda omwewo. Yankho limeneli nalonso ndi mawu a munthu woteteza phindu lake, wodalira zomwe amuuza amalonda amene akuimbidwa mlanduwo, choncho polifupikitsa lembani kuti "João akuti". Malondawo adapitirira mpaka imfa ya Afonso cha mu 1542, ndipo adakulirakulira pambuyo pake.